Kusunga Kugunda: Masewera a Chingwe ndi a M'manja m'Madera a Lilongwe

Masewera a kagundidwe ndi masewera amene wosewera amapambana kapena kulephera malinga ndi nthawi imene wachitira chinthu, osati malinga ndi mphamvu zake kapena liwiro la miyendo yake. Kudumpha chingwe, kumene ana ambiri amakutcha jingo, kuwomberana m'manja awiriawiri, ndiponso chitelele, amene ndi gule wa atsikana wovinidwa mozungulira poyimba ndi kuwomba m'manja popanda ng'oma, zonsezi zili m'gulu limeneli. M'madera a Lilongwe monga Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, masewera otere amachitikira m'tinjira ta pakati pa nyumba, pabwalo la sukulu nthawi yopumira, ngakhalenso pafupi ndi pampopi pamene ana akudikira kuti zigubu zidzaze. Mzindawu unakula kwambiri utasanduka likulu la dziko mu 1975, ndipo mabanja amene anasamukiramo kuchokera m'maboma osiyanasiyana anabwera ndi masewera akwawo, amene ana anawasakaniza ndi amene anawapeza kusukulu. Ambiri mwa osewerawo sanakhalepo m'kalasi ya nyimbo ndipo sadziwa zizindikiro zolembera nyimbo papepala. Ku Area 23 kuli sukulu ya Music Crossroads yophunzitsa achinyamata kuyimba ndi zida, koma amene amafikako ndi ochepa poyerekeza ndi unyinji wa ana amene amadumpha chingwe tsiku lililonse. Komabe luso limene masewerawa amafuna ndi lomwelo limene woyimba aliyense amayambira, ndilo kudziwiratu pamene kugunda kotsatira kudzagwere ndi kufikapo pamodzi nako.

Mawu awiri ndi ofunika kuwamasulira poyamba. Kugunda ndi nthawi zotalikirana mofanana zimene munthu amazimva pansi pa nyimbo, zimene amagwedezera mutu kapena kupondera phazi ngakhale palibe amene akuziyimba mokweza. Mkombero ndi chigawo cha nyimbo kapena cha kayendedwe ka thupi chimene chikatha chimayambiranso pomwe chinayambira, monga kuzungulira kumodzi kwa chingwe kapena mzere umodzi wa wotsogolera nyimbo pamodzi ndi yankho la ovomera. A. M. Jones, mmishonale wa mpingo wa Anglican amene anaphunzitsa ku Mapanza m'dziko limene lero ndi Zambia, anafotokoza m'buku lake la 1959 kuti m'nyimbo zambiri za mu Africa kuwomba m'manja ndiko muyeso umene nyimbo imayendera, ndipo kuti mawu otsindika a nyimboyo sakakamizidwa kugwera pomwe manja akugwera. Mfundo imeneyi ndi yothandiza pomvetsa masewera a ana, chifukwa mwana amene akuwomba m'manja kwinaku akuyimba amakhala akusunga zinthu ziwiri zoyenda mosiyana pa nthawi imodzi.

Chingwe ndi kuyembekezera

Jingo ndiye chitsanzo chomveka bwino, chifukwa m'masewera amenewa kugunda kumamveka, kumaoneka, ndipo wochiphonya amadziwa nthawi yomweyo popanda womuuza. Ana awiri amagwira nsonga za chingwe, chimene kawirikawiri chimakhala cha khonje, cha nsanza zomangiriza kapena cha malegeni, n'kumachipukusa kuti pakati pake pazimenya pansi pa kuzungulira kulikonse. Phokoso la kumenya pansiko ndilo kugunda kwa masewerawo, ndipo nyimbo kapena kuwerenga kwa oonerera kumatsamira pomwepo. Chingwe chachitali chikamazungulira ka 60 pa mphindi, mkombero umodzi umatenga sekondi imodzi, ndipo wodumpha wozolowera amaugawa pawiri: amadumpha mokwanira pamene chingwe chikudutsa pansi pa mapazi, kenako amanjanja pang'ono pamene chili pamwamba pa mutu wake. Kunjanja kwachiwiriko kumaoneka ngati kopanda ntchito, popeza palibe chimene akulumpha, koma ndiko kumene kumamusungira nthawi. Mapazi ake amakhala akugunda pansi ka 120 pa mphindi, liwiro loyandikana ndi limene anthu ambiri amayendera pansi mwachibadwa, ndipo thupi limasunga mpata wa theka la sekondi mosavuta kuposa mpata wa sekondi yathunthu imene munthu wangoima chilili.

Chifukwa chimene wodumpha sangadalire maso ake chili m'mene thupi la munthu limagwirira ntchito. Kuchokera pamene diso laona chinthu kufikira pamene dzanja kapena phazi layamba kuyenda pamadutsa nthawi yokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, ndipo kuti miyendo ikankhe thupi lonse m'mwamba pamafunikanso nthawi ina yowonjezera. Mwana amene amadikira kuti aone chingwe chikufika pamapazi kenako n'kuganiza zodumpha amakhala atachedwa kale. Wopambana ndi amene wamva kumenya pansi kangapo, wausunga mpatawo m'thupi mwake, ndipo amanyamuka chingwe chisanafike. Ofufuza amene amayeza anthu pogogoda chala motsatira chida chogunda mosasinthasintha anapeza zofanana ndi zimenezi, kuti anthu, makamaka amene sanaphunzire nyimbo, amagogoda pang'ono chabe kugunda kusanamveke, zimene zimasonyeza kuti sakuyankha phokoso koma akuliyembekezera.

Kuyembekezera kumeneku kumaoneka ndi maso pa mwana amene akufuna kulowa m'chingwe chimene chikuzungulira kale. Amaima pambali pa mmodzi wa opukusa, atatukula manja pang'ono, thupi likuwerama ndi kuweramuka motsatira chingwe katatu kapena kanayi asanathamange, ndipo milomo yake nthawi zina imakhala ikuwerenga chamumtima. Mbali yosavuta kulowera ndi imene chingwe chimatsika kuchokera pamwamba kubwera kwa iye, n'kumenya pansi, n'kumapita kutali, chifukwa iye amangochitsatira m'mbuyo chitangomenya pansi ndipo amakhala ndi nthawi yoyandikira sekondi yathunthu yofikira pakati chisanabwerenso. Mbali inayo chingwe chimachokera pansi kubwera kwa iye, motero amayenera kuchilumpha akangolowa, ndipo ana ambiri amaidziwa mbali imeneyi patapita nthawi yaitali atazolowera yoyambayo.

Chingwe chikakola, anzake amafuula kuti wafa, ndipo mkangano umene umatsatira nthawi zambiri umakhala woti walakwa ndani. Pali njira yodziwira. Wochedwa chingwe chimamumenya mu akakolo mapazi ake asananyamuke, pamene wofulumira amakhala akutera kale ndipo amachiponda. Wodumpha m'mwamba kwambiri, wopinda maondo mpaka zidendene kufika kumatako, amapulumuka kawiri kapena katatu, koma kulumpha kulikonse kumamudyera nthawi yoposa imene mkombero ukumupatsa, ndipo kuchedwako kumaunjikana mpaka chingwe chimupeze. Mwana wotere amaoneka wamphamvu, komabe vuto lake ndi lomwelo la kusadalira kugunda, popeza amalumpha kwambiri kuti adzipatse mpata wolakwitsa. Nthawi zina cholakwa chimakhala cha opukusa. Akaima motalikirana kwambiri chingwe sichifika pansi, phokoso limasowa, ndipo wodumpha amatsala ndi maso okha. Akayandikana kwambiri chimakhwepa n'kumakwekwereza m'dothi, ndipo chimachedwa pansi n'kufulumira pamwamba. Opukusa abwino amazunguza mkono wonse kuchokera m'phewa, amayang'ana mapazi a wodumpha, ndipo akaona kuti watsalira pang'ono amachedwetsa chingwe mosaonetsera. Apa pali chinthu chimene sichiyenera kupeputsidwa, chakuti masewerawa amasunga nthawi ya anthu atatu amene akumverana, ndipo kupukusa ndi luso lofanana ndi kudumpha, ngakhale kuti ana amakuona ngati chilango cha amene wafa.

Ziwiri pa zitatu

Kuwomba m'manja kumapita patsogolo kuposa chingwe chifukwa kumalola kuti magundidwe awiri osiyana ayende limodzi. Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wa ku Austria amene anagwira ntchito ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka kuyambira mu 1967, anafotokoza kuti pansi pa nyimbo zambiri za kuno pamayenda tinthawi tating'ono tofanana, tothamanga kuposa kugunda kumene ovina amapondera, ndipo kuti mikombero imamangidwa ndi chiwerengero chokhazikika cha tinthawi timeneti, monga 8, 12 kapena 16. Chiwerengero cha 12 n'chapadera chifukwa chimagawika patatupatatu ndiponso pawiripawiri, motero mapazi akhoza kuponda pa kanthawi kachitatu kalikonse pamene manja akuwomba pa kachiwiri kalikonse, ndipo onse amakumana poyambira. Kumeneku ndiko kumene kumatchedwa ziwiri pa zitatu, kutanthauza kuti pa nthawi imene mapazi aponda kawiri manja amakhala atawomba katatu. Amayi awiri osinja mumtondo umodzi amachita chinthu chachibale ndi chimenechi, popeza munsi wa mmodzi umagwera mumpata umene wa mnzake wasiya, ndipo aliyense amasunga nthawi yake pomvera wa mnzakeyo.

Mphunzitsi kapena mtsogoleri wa gulu la ana akhoza kukonza masewera a ziwiri pa zitatu popanda chida chilichonse, pogwiritsa ntchito theka la mkombero wa 12, ndiwo tinthawi 6. Mawu wamba a Chichewa amathandiza, chifukwa maphatikizo ake amatha kutchulidwa motalika mofanana. Mawu akuti "tikupita kwathu" ali ndi maphatikizo asanu ndi limodzi, ti-ku-pi-ta-kwa-thu, ndipo phatikizo lililonse limaimira kanthawi kamodzi. Poyamba ana onse amatchula mawuwo mobwerezabwereza, mosapumira pakati pa "thu" ndi "ti" wotsatira, mpaka atayenda mosalala. Kenako amayamba kuponda, phazi lamanja pa "ti" ndi lamanzere pa "ta", akupitiriza kutchula. Zimenezi zikakhazikika, theka la gululo limasiya kuponda n'kuyamba kuwomba m'manja pa "ti", pa "pi" ndi pa "kwa". Womvetsera amamva phazi ndi manja pamodzi pa kanthawi koyamba, chete pa kachiwiri, manja pa kachitatu, phazi pa kachinayi, manja pa kachisanu, ndi chete pa kachisanu ndi chimodzi. Mapazi akamaponda ka 80 pa mphindi, manja amawomba ka 120, mkombero umatenga sekondi imodzi ndi theka, ndipo kanthawi kalikonse kamakhala kotala ya sekondi. Liwiro limeneli ndi loyenera kuyambira, chifukwa lochepa kwambiri limasiya mipata yaitali imene ana amasocheramo, ndipo munthu aliyense amavutika kutsatira kugunda kotalikirana kufika masekondi awiri.

Masewera enieni amayamba pamene magulu asinthana ntchito mtsogoleri akafuula, kenako pamene mawu aja asiyidwa n'kuyamba kuyimba nyimbo ina iliyonse yoyenda patatupatatu, ndipo pomaliza pamene mwana aliyense ayesa kuponda ndi kuwomba yekha. Gawo lomalizali ndilo lovuta, ndipo si bwino kulifulumizira tsiku loyamba. Amene amalidziwa msanga ndi amene amaleka kuganiza za manja ndi mapazi ngati zinthu ziwiri, n'kuyamba kumva kagundidwe kamodzi ka maphokoso anayi, loyamba lolemera ndi atatu otsatizana pakati.

Cholakwika choyamba chimene chimabwera ndi chakuti phazi lachiwiri limachoka pa "ta" n'kukagwera pa "pi" kapena pa "kwa", pomwe manja ali, chifukwa thupi limakonda kuchita zinthu ziwiri pamodzi kusiyana ndi kuzisiyanitsa ndi kotala ya sekondi. Chizindikiro chake n'chosavuta, popeza maphokoso amene anali anayi pa mkombero amasanduka atatu, ndipo oponda amaoneka ngati akutsimphina, sitepe imodzi yaifupi ndi ina yaitali. Mankhwala ake ndi kubwerera ku mawu aja ndi kuwatchula mokweza, osati kuwuza ana kuti asamamvere gulu linalo, pakuti amene watseka makutu kwa anzake amasochera msanga kuposa amene akuwamva.

Cholakwika chachiwiri ndi kuthamanga, ndipo chimagwera magulu a ana ndi a akulu omwe. Gulu lowomba m'manja limawonjezera liwiro pang'onopang'ono popanda aliyense wofuna kutero. Chifukwa chimodzi chimene ofufuza amapereka n'chakuti kuwomba kwa amene wafulumira kumamveka poyera, pamene kwa wochedwa kumabisika m'phokoso la anzake, motero aliyense amadzikonza motsatira wofulumirayo ndipo gulu lonse limasendera kutsogolo. Mtsogoleri akhoza kuyeza zimenezi ndi wotchi ya pafoni powerenga masitepe a masekondi 15 poyamba ndi kuwerenganso patapita mphindi ziwiri. Akapeza 20 poyamba ndi 24 pambuyo pake, ndiye kuti liwiro lachoka pa 80 kufika pa 96. M'masewera ena kuthamangako n'kofunidwa, popeza ana amapikisana kuti aone amene ayambe kukoledwa, koma pamene cholinga chili kusunga kugunda, chothandiza ndi kukulitsa masitepe kuti thupi lonse lizisendera uku ndi uku, chifukwa thupi lolemera silifulumira mosavuta ngati zikhatho. Kukula kwa bwalo nakonso kuli ndi gawo lake. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho magulu awiri otalikirana mamita 30 pabwalo la sukulu amamvana mochedwa ndi nthawi yoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kanthawi kaja, ndipo gulu lililonse limaona ngati linalo ndilo likutsalira. Kalasi yaikulu, monga mmene alili makalasi ambiri a pulayimale mumzindawu, ndi bwino kuigawa m'mabwalo ang'onoang'ono oyandikana m'malo moyala ana onse pamzere umodzi wautali.

Masewera a pafoni

M'maiko ena dzina lakuti masewera a kagundidwe limatanthauza makamaka masewera a pakanema ndi pafoni. Dance Dance Revolution, amene kampani ya Konami ya ku Japan inatulutsa mu 1998, amafuna kuti wosewera aponde mivi ya pansi motsatira mivi yoyenda pakanema, ndipo Guitar Hero wa 2005 anachita chimodzimodzi ndi gitala ya pulasitiki ya mabatani asanu. Mwana wa ku Kawale kapena ku Area 25 amene wabwereka foni ya makolo ake amakumana kwambiri ndi masewera a mtundu wa Piano Tiles, amene anatuluka mu 2014, mmene timabokosi takuda timatsika pagalasi ndipo wosewera amatigogoda tisanadutse. Onsewa anapangidwira anthu osaphunzira nyimbo, ndipo ubwino wake ndi wofanana ndi wa chingwe, woti chiweruzo chimabwera pompopompo.

Kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa kufananako. Njira yachidule yoyesera masewera aliwonse otere ndi kuzimitsa mawu a foni: ngati wosewera akupezabe mapointi ofanana ndi akale, ndiye kuti masewerawo akuyesa diso ndi chala, osati khutu. Ambiri a timabokosi totsika ali otero, chifukwa wosewera amaona chimene chikubwera chikadali kutali ndipo safunika kusunga mpata uliwonse m'thupi mwake. Palinso vuto la zida, popeza mahedifoni a Bluetooth amachedwetsa mawu, nthawi zambiri ndi gawo limodzi kapena awiri mwa magawo khumi a sekondi, zimene zimachititsa kuti womvera khutu azilephera pamene wotsatira maso akupambana; mahedifoni a waya kapena sipika ya foni yomweyo amachepetsa vutoli, ndipo masewera ena ali ndi malo okonzera kuchedwako. Koma chachikulu n'chakuti foni simvera wosewera monga opukusa chingwe amachitira. Sebastian Kirschner ndi Michael Tomasello, ofufuza a ku Leipzig m'dziko la Germany, anasonyeza mu 2009 kuti ana a zaka ziwiri ndi theka amatsatira bwino kugunda kwa ng'oma pamene akuyimba ndi munthu mnzawo kusiyana ndi pamene akutsatira makina kapena mawu ojambulidwa. Choncho foni ikhoza kukhala chowonjezera kwa mwana wamkulu, koma siyenera kulowa m'malo mwa bwalo la anzake kwa mwana amene akungoyamba.

Mwana amene sakugwira kugunda

Pagulu lililonse pamapezeka mwana amene amafa msanga nthawi zonse, ndipo anzake, nthawi zina ndi akulu omwe, amafulumira kunena kuti alibe mphatso. Kulephera kwenikweni kumva kugunda kulipo, ndipo ofufuza a ku Montreal m'dziko la Canada anafotokoza za munthu woyamba wodziwika ndi vutoli mu 2011, koma ndi kosowa kwambiri. Zifukwa zofala ndi zina. Ana aang'ono ali ndi liwiro lawo lachibadwa lothamanga kuposa la akulu, ndipo amavutika kutsatira kugunda kochedwa, motero mwana wa zaka zinayi kapena zisanu amene akulephera pa 80 akhoza kuchita bwino liwiro likakwezedwa, zimene ndi zosiyana ndi mmene akulu ambiri amaganizira pomuchepetsera liwiro pofuna kumuthandiza. Wina amalephera chifukwa cha mantha a chingwe, ndipo ameneyu amathandizika akayamba wakhala wopukusa moyang'anizana ndi mnzake wodziwa, popeza chingwecho chimakoka mkono wake pa nthawi yoyenera mpaka mpatawo utakhazikika m'thupi, kenako n'kudumpha pambali pa chingwe motsatira phokoso lake asanalowemo. Palinso mwana amene amatsatira bwino akamaona manja a anzake koma amasochera akangotembenuka kapena akaima kumbuyo, amene amapendeketsa mutu kuti khutu limodzi liloze kwa woyimba, kapena amene makutu ake amatuluka mafinya kawirikawiri. Makolo ndi aphunzitsi a mwana wotere apite naye kuchipatala kuti akamupime makutu asanamuweruze kuti alibe luso.